Musandikhulupirire, Imbani Kaye

Bambo anga anayendetsa bizinesi yosindikiza mabuku a malisiti, mafomu a sukulu ndi mapepala a mayeso ku Limbe kwa zaka zoposa 20, ndipo nthawi yonseyo akaunti ya kubanki inali imodzi. Makasitomala ena nambala yake anali atailoweza ngati nambala ya nyimbo ya kutchalitchi. Ukamutumizira invoisi basala wa sukulu, ankangoyang'ana pa ndalama basi, chifukwa kolipira ankakudziwa kale. Ndiye mumvetse kukula kwa ntchito imene inandigwera pamene tinagwirizana pabanja kuti bizinesi ichoke m'dzina la bambo, ilembetsedwe ngati kampani, achimwene anga aziyendetsa, ine ndizisunga mabuku. Kampani yatsopano imafuna akaunti yakeyake. Makasitomala 58 amene ankatilipira kudzera kubanki anayenera kuuzidwa kuti nambala imene anaizolowera ija aiiwale.

Ndinaona ngati ndi ntchito ya mphindi 10. Ndinalemba kalata pa pepala lokhala ndi chizindikiro chathu pamwamba, ndinaika dzina la banki, nthambi ndi nambala ya akaunti, achimwene anasaina, ndinadinda chidindo, n'kuijambula. Kenako ndinaitumiza pa imelo kwa onse 58 nthawi imodzi, maadiresi awo ali mbwee pa mzere wa `Cc`, aliyense akuona anzake. Pofuna kuti anthu asazengereze ndinawonjezera chiganizo chakuti malipiro onse kuyambira lero apite ku akaunti yatsopano, ya kale isagwiritsidwenso ntchito. Ndinatseka kompyuta ndili wokhutira, ndinapita kukadya nsima.

Ndisanasambe n'komwe m'manja foni inaitana. Anali asisitere amene amasunga chuma pa sukulu ina ya mishoni, munthu wachikulire amene anayamba kugula kwa bambo ine ndili kupulayimale. Sanaimbe pa nambala yanga. Anaimba pa nambala yakale ya bambo, imene tsopano imakhala pa tebulo la muofesi.

"Mwanangu, kalata yabwera kunoyi mwalemba ndinu?"

"Eya, asisitere, ndalemba ndine."

"Ndiye mwailemba ngati wakuba bwanji?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anandiwerengera kalata yanga yomwe, chiganizo ndi chiganizo, n'kumandifunsa kuti kodi wakuba akanalemba mosiyana pati. Yabwera mwadzidzidzi, popanda wina kutchulapo kale za kusintha. Ikuti ndalama zipite kwina. Ikufulumizitsa. Ikuletsa njira yakale imene munthu akanabwererako atakayika. Anamaliza ndi kunena kuti iwo salipira kanthu mpaka amve mawu a bambo pafoni, ndipo bambo atawalankhula, anapemphabe kuti kalata yeniyeni, ya pepala, ibwere ndi dalaivala wathu amene amamudziwa nkhope.

Tsiku limenelo ndinakwiya pang'ono, kunena zoona. Chidindo chinalipo, siginecha inalipo, chizindikiro cha kampani chinalipo. Koma ine ndine mwana wa wosindikiza mabuku, ndipo ndinayenera kudziwa kuposa wina aliyense kuti zonsezi ndi inki chabe. Chidindo chimasemedwa masana amodzi. Siginecha ya achimwene ili pa invoisi iliyonse imene tinatumizapo, ndipo mwana wa Fomu 2 wodziwa kompyuta angaidule n'kuimata pa pepala lina. Palibe chimene ndingaike m'kalata yanga chimene wakuba sangaikenso m'kalata yake. Ndikalemba kuti kalata iyi ndi yoona, iyenso alemba kuti ndi yoona. Ndikalemba kuti chenjerani ndi akuba, iyenso alemba kuti chenjerani ndi akuba, mwina ndi zilembo zikuluzikulu kuposa zanga.

Ndipo musaganize kuti amagwa m'mbuna imeneyi ndi anthu osaphunzira okha. Pakati pa 2013 ndi 2015, mkulu wina wa ku Lithuania, Evaldas Rimasauskas, analembetsa kampani yokhala ndi dzina lofanana ndi la Quanta Computer ya ku Taiwan, imene inkachita malonda ndi Google komanso Facebook. Anatumiza mainvoisi, makalata ndi mapangano abodza okhala ndi zidindo zooneka bwino, ndipo makampani awiriwo anatumiza ndalama zoposa madola 100 miliyoni ku maakaunti ake. Anamulamula kukhala kundende zaka 5 ku America mu 2019. Sanathyole banki, sanaloze munthu mfuti. Anangouza olipira kuti lipirani uku, olipirawo n'kumvera. Ngati makampani odzaza ndi akatswiri a makompyuta anamvera, basala wa sukulu ya kumudzi amene akuwerenga imelo pa kafoni kong'aluka galasi tingamunene kuti chiyani?

Chimene asisitere anachita, ndinazindikira pambuyo pake, chinali kutuluka m'kalatamo. Sanafune umboni m'kati mwa uthenga umene ankaukayikira. Anabwerera ku njira imene inalipo uthengawo usanabadwe: nambala yakale, mawu a munthu amene amamudziwa, nkhope ya dalaivala. Wakuba angathe kulemba chilichonse lero, koma sangabwerere zaka 10 m'mbuyo kukasintha nambala imene inalembedwa m'kabuku ka asisitere. Choncho kalata yosintha akaunti ntchito yake si kukhutiritsa woiwerenga ayi. Ntchito yake ndi kumutuma kuti akafunse kwina. Ndi kalata yachilendo, yoti mwini wake akupempha kuti asamukhulupirire.

Ndinayambiranso. Poyamba ndinakakamiza achimwene kuti akaunti yakale isatsekedwe kwa miyezi 3. Iwo ankadandaula ndi ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi pa akaunti iliyonse, ndipo bambo anaponyapo mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa. Koma pa nkhani iyi phanga lachiwiri ndi limene limapulumutsa. Akaunti yakale ikakhala yotsegula, kasitomala wokayika ali ndi pothawira: alipire kumene amalipira nthawi zonse, palibe chotayika. Komanso zimatichotsera ifeyo chifukwa chofulumizitsa anthu, ndipo tikasiya kufulumizitsa, aliyense wofulumizitsa m'dzina lathu amaonekera poyera kuti si ife. Ndalama zodulidwa miyezi 3 zonse pamodzi sizinafike ngakhale pa mtengo wa bokosi limodzi la mapepala.

Kenako ndinatenga buku la angongole n'kusanja makasitomala monga mwa kukula kwa malipiro awo. Ndinapeza kuti 14 okha ndi amene amabweretsa ndalama zochuluka, ndipo amenewa ndinawaimbira ndekha, mmodzimmodzi, pa manambala amene anali m'buku la bambo. Sindinkafuna kulankhula ndi mwini sukulu kapena bwana wamkulu kokha ayi. Ndinkafuna munthu amene chala chake chimadina potumiza ndalama, kaya ndi basala, kaya ndi kalaliki wa ku akaunti, chifukwa bwana akhoza kumva nkhani n'kuiwala kuuza wam'munsi. Pafoni sindinkatchula nambala ya akaunti. Ndinkangonena kuti tikusintha, chifukwa chake ndi ichi, kalata ya pepala ibwera ndi katundu wanu wotsatira, ndipo ikafika mutiimbire tiwerengerane manambala. Ntchito ya mphindi 10 ija inatenga masiku 4.

Powerengerana manambala panali kanthu kamene ndinaphunzira kwa akauntanti wa bungwe lina. Iye anakana kuti andiwerengere zimene zili pa kalata kuti ine ndivomere. Anati, "Ayi mayi, werengani inuyo, ine ndiziyang'ana." Ndinafunsa kuti pali kusiyana kwanji. Anati munthu wongovomera kuti eya, eya angakhale aliyense, ngakhale amene sakumva bwino chifukwa cha phokoso la makina, koma wowerenga nambala yonse kuchokera ku mapepala ake ndi amene akuidziwadi. Atatero anatumiza K5,000 yokha ku akaunti yatsopano, n'kudikira kuti ndimuuze kuti yafika, ndi nthawi imene yafika, asanatumize zotsalazo. Kuyambira pomwepo ndinayamba kupempha onse kuti achite chimodzimodzi.

Kalata yachiwiri ndinailemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, chifukwa ena mwa otilipira ndi eni magolosale ogula mabuku a malisiti, ndipo chenjezo limene munthu akulimva mwa apo ndi apo silimuteteza. Chigawo chake chachikulu chinali chotere:

"Kuyambira pa 1 mwezi wamawa malipiro azipita ku akaunti yatsopano imene ili m'dzina la kampani, osati la munthu. Akaunti yakale ikhala yotsegula miyezi 3, choncho palibe chothamangira. Musanalipire koyamba, tiimbireni kuti titsimikizirane nambala. Tikusintha kamodzi kokha. Uthenga wina uliwonse wonena kuti tasinthanso, talakwitsa nambala, kapena kuti mulipire pa nambala ya foni ya munthu, si wochokera kwa ife. Sitidzakufunsani nambala yanu yachinsinsi."

Ndinanyadira nayo kalata imeneyi. Koma m'munsi mwake, pofuna kuthandiza anthu kuti asavutike kufufuza, ndinalemba nambala ya foni yoti aimbirepo. Ndipo kwa makasitomala amene analibe katundu wobwera posachedwa, ndinaitumizanso pa imelo.

Patapita milungu 3, makasitomala ena analandira kalata yachitatu. Sindinailembe ine, koma mawu ake anali anga. Chizindikiro chathu, chidindo chathu, siginecha ya achimwene, ndi chenjezo lonse lija la akuba, zonse zinalimo. Chiganizo chakuti tikusintha kamodzi kokha ndi chimene anachichotsa, m'malo mwake n'kuikamo kupepesa kwaulemu: pepani, banki yatidziwitsa kuti akaunti imene tinakupatsani ili ndi vuto, gwiritsani ntchito iyi. Anasintha nambala ya akaunti, anasinthanso nambala ya foni ya m'munsi ija. Pamene ndinaiona koyamba ndinamva ngati ndakumana ndi munthu pamsewu atavala zovala zanga zimene ndinayanika dzulo.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti aliyense amene akusintha akaunti aime aganize. Masiku oopsa kwambiri si a kusintha kusanachitike, koma milungu yotsatira. Kwa zaka 20 makasitomala athu akanaseka uthenga uliwonse wonena kuti akaunti ya bambo yasintha. Ine ndi amene ndinawaphunzitsa kuti zimatheka. Ndinalima munda, wakuba anangobwera kudzafesa. Munthu amene wamva kale kuti kuli kusintha, akalandira kalata yokonza cholakwika sadabwa, amangoti zimachitika, n'kukonza nambala m'buku lake.

Ambiri anatiimbira pa nambala yakale, ena chifukwa chokwiya kuti tikuwasokoneza, ndipo ndi mmene tinadziwira. Tsiku lomwelo ndinatumiza uthenga wa pafoni kwa onse 58 ndipo ndinaimbiranso 14 aja. Koma mwini sukulu ina ya ku Thyolo anali kumaliro, foni yake inali yozimitsa, ndipo ndinangosiya uthenga kwa mphunzitsi wina amene anayankha foni ya pasukulu. Ndinaika chizindikiro chakuti zatheka pa dzina lake. Uthengawo sunamufike. Atabwerera, Lachisanu masana, anafuna kumaliza ngongole ya mapepala a mayeso, K2,340,000. Bambo ameneyu sanachite zinthu mwaphuma ayi. Anawerenga chenjezo, analimvera, anaimba foni kuti atsimikize. Anaimba pa nambala imene inali m'kalatamo. Anayankha mnyamata waulemu kwambiri, amene anati ndi wothandizira ku akaunti, anatchula dzina la achimwene, anatchula nambala ya invoisi ndi ndalama zake ndendende, n'kuthokoza chifukwa chokhala tcheru.

Tinadziwa patapita masiku 12, nditamutumizira chikumbutso cha ngongole. Ananditumizira chithunzi cha umboni wa malipiro ndi mawu ochepa akuti analipira kale. Pa chithunzipo dzina la wolandira linali la kampani yathu, chifukwa ndi limene iye analemba, koma nambala sinali yathu ndipo banki inali ina. Anthu ambiri sadziwa kuti dzina limene walemba potumiza ndalama si nthawi zonse limayerekezedwa ndi dzina la mwini akaunti, makamaka ndalama zikamachoka banki ina kupita banki ina. Chimene chimayendetsa ndalama ndi nambala. Ku Britain vuto limeneli linakula mpaka mu 2020 mabanki akuluakulu anayamba njira yotchedwa Confirmation of Payee, imene imachenjeza wotumiza ngati dzina ndi nambala sizikugwirizana. Kwathu kuno tinazolowera kuti pa Airtel Money kapena Mpamba dzina la wolandira limaoneka, ndiye timaganiza kuti kulikonse zili choncho. Ngati dzina laoneka, liwerengeni, ndipo likakhala la munthu pamene mukulipira kampani, imani. Ngati silinaoneke, dziwani kuti palibe amene wakuonerani.

Zotsatira zake sizifuna mawu ambiri. Woyenera kupempha kuti ndalama zibwezedwe ndi wotumiza, kudzera ku banki yake, ndipo banki yakeyo ndi imene imalankhula ndi banki yolandira. Tinapita naye limodzi, tinakalembetsanso kupolisi. Lamulo lokhudza milandu ya pa makina a intaneti lilipo kuyambira 2016, ndipo manambala a foni anayamba kulembetsedwa ndi ziphaso mu 2018, koma lamulo silibweza ndalama zimene zinatuluka kale. Mu akaunti ija munali mopanda kanthu. Ndalama zinachotsedwa Lachisanu lomwelo ndi Loweruka, pang'onopang'ono. Pa nkhani zotere mwayi umawerengedwa m'maola, ndipo ife tinabwera patatha masiku 12. Ndikanakhala ndi chizolowezi chotumiza lisiti tsiku lomwe ndalama zalowa, bamboyo akanadabwa Lolemba kuti lisiti silinabwere. Chizolowezicho ndinalibe.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lakuti mnyamata uja anadziwa bwanji nambala ya invoisi. Mphwanga amene amadziwa makompyuta anayamba ndi imelo yabodza ija. Pafoni inkangoonetsa dzina la kampani yathu, ndipo dzina limeneli aliyense angalembe limene akufuna. Atadina pa dzinalo kuti adiresi yonse ioneke, tinaiyang'ana kawiri osaona cholakwika. Kachitatu ndi pamene anandilozera: pamene pa adiresi yathu pali `m`, iwo anaika `rn`, zilembo ziwiri zogundana zimene pa galasi laling'ono zimaoneka ngati chimodzi. Anandiuza kuti ena amachenjera mwa njira ina, adiresi yotumizira imaoneka yoona koma pa `Reply-To` amaika yawo, kuti yankho lanu lipite kwa iwo inu osadziwa.

Kenako anatsegula imelo yathu yeniyeni, n'kupita kumene amakonzera kayendedwe ka makalata. Kumeneko tinapeza lamulo limene palibe wa ife analiika, lakuti kalata iliyonse yokhala ndi mawu akuti `invoice` kapena `payment` izitumizidwanso ku adiresi ina yachilendo. Wakuba anali m'nyumba mwathu, atakhala phee, akuwerenga. Pasiwedi yathu inali imodzimodzi kwa zaka zambiri, anthu anayi ankaidziwa, ndipo inali italembedwa pa kapepala komata pa kompyuta. Anadikira mpaka tsiku limene ine ndinamupatsa nkhani yabwino yonamizira. Tinachotsa lamulolo, tinasintha pasiwedi, tinatulutsa makina onse amene anali olowa, ndipo tinaika kuti polowa pazifunikanso nambala yobwera pafoni. Mphwanga anatsindika kuti kusintha pasiwedi kokha sikukanathandiza, chifukwa lamulo lotumiza makalata lija likanapitirirabe kugwira ntchito. Zonsezi zinayenera kuchitika kalata yoyamba isanatuluke. Munthu sulengeza kuti wakolola usanaone ngati nkhokwe ili yoboola.

Panatsala nkhani yovuta, ya ngongole. Achimwene anaima pakuti sitinalandire kanthu, ndiye ngongole ikadalipo, ndipo pa mapepala ankanena zoona. Mwini sukulu anaima pakuti anachita zonse zimene kalata yathu inamuuza, ndipo nayenso ankanena zoona. Tinakhala muofesi, makina atazimitsidwa, bambo ali pa mpando wawo wakale akumvetsera. Atatopa nafe anafunsa funso limodzi.

"Wakubayo analowera pakhomo la ndani?"

Palibe anayankha.

"Ndiye aphunzitsi alipire theka, theka linalo ndi mtengo wa chitseko chathu."

Mwini sukulu analipira K1,170,000 m'zigawo zitatu. Achimwene anakhala masiku angapo osandilankhula bwino, ndipo sindinawadandaule. Sindikunena kuti umu ndi mmene khoti likanagamulira, kapena kuti aliyense achite chotere. Ndikungonena kuti sindikanatha kumuyang'ana m'maso munthu amene anaberedwa ndi mawu anga omwe.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuganizira za kanambala ka foni kamene ndinalemba m'munsi mwa kalata kaja. Ndinakalemba mwa chifundo, ndipo ndi kamene kanapha chenjezo lonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti sikanali kofunikira n'komwe. Buku lililonse la malisiti limene tinasindikizapo lili ndi dzina lathu ndi nambala ya bambo m'munsi mwa tsamba, m'tizilembo ting'onoting'ono. Mwini sukulu uja anali ndi mabuku otere odzaza kabati. Ndikanangolemba kuti m'kalata ino simuli nambala ya foni mwadala, tengani buku lakale la malisiti kapena invoisi ya chaka chatha muimbe nambala imene ili pamenepo, ndiye kuti kalata iliyonse yobwera ndi nambala yake ikanadziulula yokha. Wakuba akanatha kuchotsa chiganizocho, inde, koma amene anamva kamodzi pafoni kuti ife sitilemba nambala m'kalata zotere akanadabwa poiona. Pa chifukwa chomwecho, tsiku losintha akaunti si tsiku losinthanso nambala ya foni kapena adiresi ya imelo. Ukasintha zonse pamodzi wagwetsa mlatho umene anthu akanawolokera kudzakufunsa.

Palinso china chimene si cha makompyuta. Ife timachita manyazi kukayikira munthu pamaso. Kuimbira munthu wamkulu amene wachita naye malonda zaka zambiri n'kumufunsa ngati kalata yake ndi yoona kumamveka ngati ukumutcha wakuba. Kalaliki wachinyamata amaopa kuti abwana amuona ngati wamwano kapena wozengereza, ndiye amangolipira. Akathyali amadalira ulemu wathu womwewu. Amadziwa kuti uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi umagwira anthu chifukwa wolandira amachita manyazi kufunsa kuti ndalama iti, ndipo inu ndinu ndani. Tonse timadziwa kuti safunsa anadya phula, koma mwambiwu timauuza ana, pamene akuluakulu tokhatokha timaona kufunsana ngati kunyozana.

N'chifukwa chake ndimaona kuti udindo wochotsa manyaziwo uli kwa wosinthayo. Wolipira sangadzipatse yekha chilolezo chotikayikira, tiyenera kumupatsa ife, ndi pakamwa, mobwerezabwereza. Masiku ano wina akaimba kuti atsimikize nambala, ngakhale makina akulira ndipo ndili ndi ntchito m'manja, sindiyankha ngati wandisokoneza. Ndimatenga fayilo, ndimawerenga nambala yonse pang'onopang'ono, ndipo ndimathokoza. Ndinauza anyamata onse a muofesi kuti wofunsa za akaunti asamuyankhe za pamtima, amupatse ine kapena achimwene. Munthu amene wayankhidwa mwaukali kamodzi sadzaimbanso, ndipo tsiku limene sadzaimbalo ndi limene kalata idzakhale yabodza.

Nanenso ndinasintha mbali ya kulipira. Amene amatigulitsa mapepala ndi inki akatumiza invoisi, ndimayerekeza nambala ya akaunti ndi imene ili m'buku langa, osati ndi ya pa invoisi ya mwezi watha imene ili mu imelo. Chaka chatha mmodzi wa iwo anasinthadi banki, ndipo nditamuimbira pa nambala yakale anaseka kuti, "Mayi, mwayamba kundikayikira?" Ndinamuuza nkhani ya ku Thyolo. Anasiya kuseka, ndipo mawa lake anaimbira makasitomala ake onse.

Akaunti yakale ya bambo tinaitseka patatha miyezi 5, osati 3, chifukwa makasitomala 6 ankalipirabe kumeneko ndipo sitinafune kuwathamangitsa. Foni yakale ija ikadali pa tebulo, batire yake yomangidwa ndi mphira, ndipo ndimaikamo mayunitsi mwezi uliwonse kuti nambala isatsekedwe n'kupatsidwa munthu wina. Asisitere amaimbapo kumayambiriro kwa teremu iliyonse asanalipire, ngakhale palibe chasintha, ndipo amafuna kuti nambala ndiwerenge ine, iwo akuyang'ana.